Ndege ya a Ekow ndi Ndege ya a Ato

Ku Moree, mudzi wa asodzi ku Ghana, ukafunsa njira ya kwa ana a malemu Egya Bentum, anthu amayamba akufunsa kaye kuti, "Theka liti?" Mkuluyo anasiyira ana ake aamuna awiri, a Ekow ndi mng'ono wawo a Ato, bwato limodzi lalikulu. Anapha nalo nsomba nyengo zingapo, kenako anakangana pa dzina loti alembe m'mbali mwake. Mkangano unakula mpaka anaitana munthu wa macheka n'kulidula pakati. A Ekow anatenga kutsogolo, ndipo mpaka lero mumagona nkhuku zawo. A Ato anatenga kumbuyo, akazi awo amasungamo nkhuni zowambira nsomba. Tsiku lodulalo onse awiri anaima pamanda a bambo awo n'kulumbira kuti akadzakweranso chombo chimodzi, nyanja idzawameze.

Kuyambira pamenepo amene anavutika ndi mlongo wawo, Mayi Araba. Ndiwo anali mlatho. Kumaliro ankapeza magalimoto awiri. Kutchalitchi wina akakhala kumanja, Mayi Araba ankakokera winayo kumanzere. Abalewo sankayankhulana mwachindunji, mawu onse ankadzera mwa Mayi Araba, ndipo iwo ankawasefa kaye asanawapereke. Imvi zinawapeza ali pa ntchito yomweyo.

Ndiye mwana wawo wamkazi, Baaba, amene ankagulitsa nsomba ku Monrovia, m'dziko la Liberia, anapeza banja komweko. Bambo ake a Baaba anamwalira kale, choncho olandira chakumwa cha akuchimuna anayenera kukhala amalume. Akuchimunawo anali anthu akwathu konkuno ndipo mbiri ya macheka ankaidziwa. Anatumiza mawu akuti: abwere onse awiri. Tikapereka botolo kwa mmodzi, winayo adzati ukwatiwo kulibe, ndipo ife sitifuna mkazi wa theka.

Mayi Araba anapita kwa wogulitsa matikiti ku Cape Coast n'kunena momveka bwino kuti akufuna makampani awiri osiyana, koma tsiku limodzi. Anawapeza. Maina enieni a makampaniwo ndi aatali, anthu amangowatchula ndi mbalame zojambulidwa pamichira ya ndege zawo. A Ekow ndi Mayi Araba anali a Nkhanga, nambala 318. A Ato anali a Kakowa, nambala 6054. Zonse zinkanyamuka nthawi yofanana ndi kufika nthawi yofanana, ndipo Mayi Araba anati ndi Mulungu wachita zimenezo, chifukwa palibe akanadzitama kuti watsogola.

M'mawa wa tsiku la ulendo anafika pabwalo la ndege la ku Accra pa matakisi awiri. Mwambo wolandira botolo unali mawa lake. Mayi Araba anaimika a Ekow pamzere wa Nkhanga, nsalu yawo yamaliro ndi yaukwati yomwe ili paphewa, kachikwama kachikopa kali m'khwapa.

"Achimwene, muime pomwepa. Osasuntha, osalangiza munthu aliyense."

"Ndi liti ndinalangizapo munthu?"

"Dzulo, dalaivala wa basi."

Anabwerera kukatenga a Ato, amene anawasiya kuseri kwa chipilala atakhalira sutikesi yodzaza nsomba zowamba ndi kenke, nsima ya kwathu yokulunga m'makoko. Kunyamulira asodzi a ku Monrovia nsomba kunali kofunika, a Ato ankatero, kuti aone kuti nsomba yeniyeni imaoneka bwanji.

Anayamba ndi makina otulutsa ziphaso zokwerera, oima okha ngati mlonda, olembedwa dzina la Kakowa. Mayi Araba anadina zilembo zonse za pa pepala la a Ato. Makinawo anaganiza, anaganiza, n'kukana. Anadinanso, ndipo anakananso.

"Akundidziwa," anatero a Ato. "Munthu wina wawauza zoipa za ine."

Anakaima pamzere wa Kakowa. Unali mzere waufupi wa anthu ovala masuti, ndipo a Ato anakondwa nawo. Atafika pakauntala, mnyamata wa tayi yoyera anayang'ana pepalalo mwachidule n'kulibweza.

"Pano tikulandira opita ku Lomé okha, bambo. Inu mupite kwa a Nkhanga."

"Ine ndine wa Kakowa."

"Zoona, tikiti ndi yathu. Koma ku Monrovia sitipita ndi ndege yathu. Timagulitsa mipando mu ndege ya a Nkhanga, n'kuipatsa nambala yathu. Onani apa." Analoza timalemba tating'ono ngati nyerere kunsi kwa nambala. "Pakuti oyendetsa ndi a Nkhanga. Ndiye katundu, mpando, chiphaso chokwerera, zonse mukachitira kwa iwo. Nchifukwa chake makina akukanani."

A Ato khutu lakumanzere linafa kalekale ndi injini za mabwato, ndipo mnyamatayo anali kumanzere. Mayi Araba ndiwo anamva zonse. Anasendera pafupi ndi kauntala.

"Mwanawe," ananong'ona, "ndege ndi zingati?"

"Imodzi, mayi."

"Akuti chiyani?" anafunsa a Ato.

"Akuti sikelo yawo yafa. Tikabwereke ya a Nkhanga."

A Ato anagwedeza mutu mwachifundo. Kubwereka sikelo ankakudziwa.

Poyenda, Mayi Araba anakonza nzeru mumtima: alowetse mmodzi, apemphe mpando wakutsogolo, mnzakeyo wakumbuyo kwenikweni, wina amufunditse nsalu kumaso. Akadzazindikira adzakhala ali kale ku Monrovia, ndipo nyanja idzakhala itachedwa. Koma anadutsa pansi pa bolodi lalikulu losonyeza ndege zonyamuka, ndipo a Ato anaima. Pamzere wa Monrovia panalembedwa 318. Kenako panaphethira, n'kubwera 6054.

"Eya," anatero a Ato. "Yanga yaichotsa."

Panaphethiranso, 318 inabwerera.

"Taonani mwano wake. Ngati mwini wake."

Anaima pamenepo n'kumaonerera nambala zikugwetsana, ndipo Mayi Araba anachita kuwakoka nsalu.

Mzere wa Nkhanga unali wokhotakhota pakati pa malamba, wopita uku n'kubwerera uku, moti munthu amene uli naye kutali umakumana naye maso ndi maso pa kukhota kulikonse. Pa kukumana koyamba a Ekow anayang'ana kudenga, a Ato anayang'ana nsapato. Pa kwachiwiri a Ekow anayankhula kwa mlongo wawo.

"Araba, umufunse munthu uyo chimene akufuna pamzere wanga."

"Akuti mwadzuka bwanji," anatero Mayi Araba kwa a Ato.

"Ndamva ndekha, khutu ili ndi lamoyo. Uwauze kuti ndabwera kudzabwereka sikelo, osati nzeru. Nzeru ndikanapita kwina."

Pa kukumana kwachitatu a Ekow anali atadutsitsa anthu ambiri kutsogolo kwawo dala, kuti aone bwino manyazi a wobwereka. Choncho atatuwa anafika pakauntala pamodzi.

Pakauntala panali mtsikana wa tsitsi lomanga bwino, pachifuwa palembedwa Dedei. Analandira mapasipoti onse atatu. Mayi Araba anamutsinzinira diso, anatsokomola, anagwedeza mutu, koma Dedei maso anali pa kompyuta. Anapeza a Ekow ndi Mayi Araba mosavuta. A Ato anawasaka ndi dzina, n'kuwapeza.

"Aa, nonse ndinu a Bentum," anatero mokoma mtima. "Matikiti munagula kosiyana, ndiye munabalalika. Ndakusonkhanitsani. Agogo awa pawindo, agogo awa pakati, mayi m'mphepete."

A Ato anatembenuzira khutu lawo lamoyo kwa Dedei.

"Pakati pa chiyani?" anafunsa a Ato.

"Pakati pa achimwene anu ndi achemwali anu."

"Mwana wanga, iwe ndi wamng'ono, sungadziwe. Ine ndili mu 6054. Awa ali mu 318. Ndingakhale bwanji pakati pawo ndili m'ndege ina? Ndidzatulutsa mkono pawindo?"

"Ndege ndi imodzi, agogo. Nambala ndiye ziwiri."

"Nanga oyendetsa?"

"Athu."

"Nanga a Kakowa ntchito yawo ndi chiyani?"

"Anakugulitsani mpando."

"Mpando wa eni?"

"Anagwirizana. Ifenso timagulitsa mipando m'ndege zawo kumene ife sitifika."

A Ekow anayamba kuseka chapansipansi, mapewa okha akugwedezeka. "Araba, umuuze kuti wagula malo m'bwato langa kwa munthu wopanda bwato."

Koma kusekako kunathera panjira, chifukwa nawonso anazindikira. Anachotsa dzanja pa sutikesi yawo, imene inali kale pa sikelo.

"Njira yake ya ndegeyi," anafunsa pang'onopang'ono, "imadzera kumtunda kapena kunyanja?"

"Zimatengera mphepo ndi olondolera. Koma ponyamuka ndi potera nthawi zambiri nyanja mumaiona."

Abale awiri aja anabwerera m'mbuyo nthawi imodzi, ngati anthu aponda moto umodzi.

Kumbuyo kwawo kunali mayi wina wa ku Liberia, wamalonda a nsalu, Mayi Korpo, ali ndi zikwama zomangidwa ndi tepi ngati mitembo. Anafunsa chimene chachedwetsa mzere. Mayi Araba anati palibe, koma a Ato anafotokoza zonse, kuyambira pa macheka mpaka pamanda, ndipo mawu a munthu wogontha khutu limodzi amafika patali.

"Dikirani," anatero Mayi Korpo. "Nyanja ikamabwera kudzameza awiriwa, idzasankha? Kapena idzatenga ndi nsalu zanga zomwe?"

"Lumbiro linatchula ife awiri basi," anatero a Ekow.

"Bambo, nyanja ili ndi supuni?"

Nkhani inayenda mumzere, n'kukhota m'makhotero onse. Bambo wina wa kolala ya ubusa anati malumbiro otere alibe mphamvu kwa okhulupirira, kenako anafunsa mwakachetechete ngati pali ndege ina mawa. Mayi wina anati ngati nambala zili ziwiri ndiye kuti ndege zili ziwiri, boma silingalole bodza pa bolodi. Wina anati mbuzi yake ili ndi maina atatu koma ikadwala imadwala yonse.

Dedei anagogoda pakauntala ndi chala. "Agogo, ine sindingakukakamizeni. Koma tatsala pang'ono kutseka, ndipo tikatseka kompyuta siilandiranso munthu. Ya ku Monrovia ina ndi ya mkucha. Mukwera kapena ayi? Ngati mukuganiza, ganizirani pambali, ndithandize ena."

Anaima pambali. Mayi Korpo anakana kupereka zikwama zawo mpaka aone mathero.

"Nkhani ndi yapafupi," anatero a Ekow. "Ndege ndi ya Nkhanga, wa Nkhanga ndine. Wa Kakowa adikire kakowa wake."

"Uwauze kuti nambala yanga ndi yaikulu kuposa yawo."

"Umuuze kuti mkulu ndine."

"Uwauze kuti akapita okha, botolo limenelo alandira la ukwati wa nkhuku zawo."

Mayi Araba anaganiza za Baaba, amene anali atagula kale mpunga ndi mafuta ofiira, atabwereka mipando ya mpingo, atasoketsa nsalu. Anayang'ana achimwene awo awiri aja, nkhalamba zamakwinya zofanana mphuno, aliyense akuyang'ana chipilala chake. Sanapereke uthenga uliwonse. Anabwerera pakauntala, n'kuika sutikesi yawo pa sikelo.

"Ndilembe ndekha, mwanawe."

Dedei anamata kapepala pa chogwirira, sutikesi inagwa chagada pa lamba n'kulowa kuseri kwa makatani a mphira. Mayi Araba anabwera atanyamula chiphaso chawo ngati mpeni.

"Ine ndapita. Inu tsalani nonse, palibe vuto. Ndikafika ndikauza akuchimuna kuti amalume onse awiri atsala pabwalo la ndege, sangathenso ulendo, ukalamba. Akatero mwambo umalola kuti wotsatira alandire. Ndipo wotsatira ali komweko."

"Ndani?" anafunsa onse awiri.

"A Jojo."

A Jojo anali mwana wa mng'ono wa mayi awo, wogulitsa mafiriji akale ku Monrovia. Moyo wawo wonse anakwera bwato kamodzi, padziwe, ndipo anasanza.

"Jojo wovala sokosi kugombe?" anatero a Ekow.

"Jojo amene anafunsa ngati nsomba zimagona?" anatero a Ato.

"Yemweyo. Adzakhala pampando wakutsogolo, adzalandira botolo m'dzina la banja la Egya Bentum, adzayankhula. Mumadziwa mmene amayankhulira. Zithunzi zidzafika ku Moree."

A Ekow anapukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu. A Ato anakhala pa sutikesi ya nsomba, n'kudzukanso.

"Lumbiro silingamasulidwe pano," anatero a Ekow. "Pafunika nkhosa, pafunika kumanda."

"Sindinati mumasule," anatero Mayi Araba. "Inu munagula kwa Nkhanga. Awa anagula kwa Kakowa. Pepala lanu lili ndi nambala yake, la awa lili ndi yake. Amene akufunika kumva zimenezi si ine. Auzeni bambo."

Abale aja anaganiza. Bambo awo anali munthu wolemekeza mapepala, chifukwa sankatha kuwawerenga.

"Opanda chakumwa sangamve," anatero a Ato.

A Ekow anakumbatira kachikwama kawo kachikopa. Munali botolo lobiriwira la mowa wa jini, limene ankati akalawe ndi akuluakulu a ku Monrovia.

Dedei, amene makutu ake anali komweko ngakhale manja anali pa zikwama za ena, anati, "Agogo, ngati muli botolo m'kachikwamako, kolowera sakulolani nalo. Muliike mu sutikesi kapena mulisiye."

"Mwamva," anatero Mayi Araba. "Nalonso lasankha."

Anatuluka panja mothamanga, momwe nkhalamba zimathamangira, Mayi Korpo ali pambuyo ngati mboni ya okwera onse. Pafupi ndi poimika matakisi panali mtengo wa maluwa mu mphika wa simenti. A Ekow anavula nsapato, anatsitsa nsalu paphewa, n'kudontheza jini pa dothi.

"Egya Bentum, landirani. Ndine Ekow. Ndikupita ku Monrovia pa ukwati wa mdzukulu wanu. Ndakwera Nkhanga, nambala 318. Ndili ndekha ndi Araba."

Anapereka botolo kwa Mayi Araba, Mayi Araba anapereka kwa a Ato.

"Bambo, ndine Ato. Inenso ndikupita, koma pa Kakowa, 6054. Ndibwerezenso, 6054. Mukayang'ana kuchokera kumene muliko, mwina muona ngati ndege ndi imodzi. Musadabwe. Ndi mmene akuyendera masiku ano, zimayenda mothinana."

"Auzeni za nsalu zanga," anatero Mayi Korpo.

"Mulinso nsalu za mayi wina wachilendo. Sizikukhudzidwa."

Mayi Araba analanda botolo n'kukhuthula lotsala lonse. "Bambo, ndine Araba. Inu mukudziwa, inenso ndikudziwa. Mwanayo akwatiwe."

Anafika pakauntala mzere utatha, Dedei akusonkhanitsa mapepala ake. Anatenganso mapasipoti. Mayi Araba anapempha mipando yotalikirana.

"Ndege yadzaza. Ndingathe kuika mmodzi kutsidya kwa kanjira, mzere umodzi kutsogolo. Basi."

"Kanjira kali pakati?" anafunsa a Ato.

"Kali pakati."

"Ndiye malire amenewo."

Chiphaso cha a Ato chinatuluka, ndipo Dedei anawalozera pamene panali nambala ya Kakowa, pafupi ndi ya Nkhanga. A Ato anaphimba ya Nkhangayo ndi chala chachikulu, ndipo chalacho sichinachokepo mpaka pakhomo la ndege. Koma kapepala komata pa sutikesi yawo kanalembedwa 318 yokha.

"Araba," anatero a Ekow, "umuuze kuti nsomba zake zakwera yanga."

"Uwauze kuti nsomba sizinalumbire."

M'ndege, mtsikana wa zovala za Nkhanga analonjera okwera pa cholankhulira. Anati alandiridwa mu 318, kenako anati alandiridwanso a Kakowa a mu 6054. A Ato anadzutsa dzanja kuti aonekere. Panapezeka kuti a Kakowa analipo angapo, obalalika uku ndi uku, ndipo a Ato anawagwedezera mutu mmodzimmodzi ngati anthu a m'bwato lawo.

Ndege itakwera inapendekeka, ndipo pawindo panadzaza nyanja, yobiriwira, yotakata, mabwato akuoneka ngati mankhusu. Mayi Araba anatseka maso. Mayi Korpo kumbuyo ankatchula mitundu ya nsalu zawo ngati pemphero. Kutsogoloko analowa mumtambo, ndege inadumpha kawiri ngati bwato pa mafunde a pagombe, makapu anagubuduka. Mayi Araba atatsegula maso anaona a Ato atatambasula mkono kudutsa kanjira, atagwira nsonga ya nsalu ya a Ekow, ndipo a Ekow akuyang'ana kutsogolo ngati sakumva kukokedwa.

Kugwedezeka kutatha, a Ato anabweza dzanja n'kulipukuta pa bondo.

"Araba, uwauze a 318 kuti woyendetsa wawo akugwedeza yathu."

Mayi Araba sanapereke uthengawo. Anatsegula kabokosi ka chakudya n'kudya mpunga wawo wonse, kenako n'kudyanso keke ya a Ato.

Matayala atagunda pansi ku Monrovia, nyanja ili apo pambali osameza munthu, Mayi Araba anayatsa foni. Baaba anali akuimba kale.

"Mayi, abwera?"

"Abwera."

"Onse awiri?"

"Onse awiri. Uwauze akuchimuna akonze botolo. A Jojo uwapatse ntchito yonyamula mipando."

A Ekow, amene mpando wawo unali mzere umodzi kutsogolo, anamasula lamba, anakonza nsalu paphewa, n'kutembenuka pang'ono.

"Araba, umufunse munthu uyo kuti yake ifika nthawi yanji. Ife tafika kale."